Mapiritsi Otsala a M'chitini Changa

Pepala lija ndikadali nalo m'buku langa la nyimbo. Lafiira, ndipo mopindamo mwang'ambika. Ndinalilemba ndi pensulo m'masiku a Chitaganya, tikukhala kumudzi kwathu kuseri kwa Sinda, kumene munthu wofuna chipatala cha mishoni ankanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lili pamutu.

Pafupi ndi nkhokwe yathu panali nyumba ya mtengwa wina wochokera kufupi ndi Vubwi. Pamudzipo analibe mbale, ndipo amuna ake anali kumigodi. Ankanditchula kuti akulu. Moto ukamuzimira ankapala kwa ine, mchere ukandithera ndinkatapa kwa iye. Ndi mmene tinkakhalira tonse pamudzipo, ndipo womana ankamuloza chala mpaka kudambo. Ndimayamika Mulungu chifukwa cha zaka zimenezo, pakuti mkazi ameneyu anandisambitsa nditabereka, anandiphikira phala amayi anga ali kutali. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anali atangoyamba kuyenda.

Dzinja lina bambo a kunyumba kwathu anadwala malungo. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi oyera, owawa zedi, okwana khumi: anayi amwe pomwepo, enawo awiriawiri mpaka atathe. Atamwa kwa masiku awiri thupi linapepuka, nanyamula khasu, nati otsalawo ndisunge. Ndinawaika m'chitini cha singano ndi mabatani. Mumtima ndinkati ndasunga chuma.

Patapita milungu itatu mnansi wanga anabwera m'mawa, mwana ali kumbuyo, thupi lake likutentha ngati mbaula. Mtsinje unali utadzaza, njira ya kuchipatala itatsekeka. Sanapemphe n'komwe. Ndine ndinathamangira chitini. Anandifunsa kuti amupatse angati. Ndinati bambo anayamba ndi anayi, ndiye poti uyu ndi mwana, tichotsepo limodzi. Tinaphwanya atatu pa sipuni, n'kusungunula ndi madzi, ine ndikumugwira manja, mayi ake akumumwetsa. Tinapempheranso.

Dzuwa lisanafike pamutu mwana anasanza, nafooka, kenaka anayamba kugwedezeka. Masana tinali tikulira. Aliyense anati ndi malungo aja okwera kumutu, pakuti chaka chimenecho anatenga ana ena pamudzipo. Inenso ndinakhulupirira choncho. Maliro atatha mnansi wanga anandibweretsera nkhuku, nati ndine ndekha amene ndinayesetsa, mwana wake sanapite osalawa mankhwala. Nkhukuyo ndinailandira ndi manja awiri.

Chilimwe chitafika ndinapita ndi mwana wanga wamng'ono kuchipatala chifukwa cha maso. Kumeneko kunali bambo wina wa kwathu konkuno amene ankatsuka mabala ndi kugawa mankhwala. Sanali dokotala weniweni, koma tonse tinkati adokotala. Pocheza ndinawafotokozera za maliro aja, ndipo ndinatchula za mapiritsi mosabisa, ngati munthu wonena zabwino zimene anachita. Iwo anasiya kulemba. Anafunsa msinkhu wa mwanayo, kuchuluka kwa mapiritsi, ndi nthawi imene inapita asanayambe kugwedezeka. Nditayankha anati:

“Amayi, sindingalumbire, chifukwa mwanayo sindinamuone, ndipo malungo okha amapha. Koma mwana wa msinkhu umenewo timamupatsa kachibenthu chabe. Atatu nthawi imodzi amaimitsa mtima, ndipo amauimitsa mofulumira monga mwaneneramu.”

Sindikumbukira mmene ndinayendera ulendo wobwerera. Ndikumbukira kuti nditafika mnansi wanga anali atandiphikira nyemba, poti ndachoka kutali.

Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Ndinkauza Mulungu yekha, ndipo pemphero langa linali lamanyazi: ndinkapempha kuti mnansi wanga asadzadziwe. Ndinkati kudziwako sikungadzutse mwana, kungomulanda ngakhale kachitonthozo kamene anatsala nako, ndi kundilanda ine m'bale.

Mwezi wotsatira adokotala aja anatumiza uthenga kuti abwera kudzaphunzitsa zaukhondo pabwalo la sukulu yathu, za zimbudzi ndi madzi akumwa. Anapempha kuti ine ndilankhuleko pang'ono za mapiritsi otsala, popeza amayi a mpingo ankandimvera ndipo ndinafika sitandade folo. Anawonjeza kuti za mwana uja ndisatchule ngati sindikufuna. Ndinavomera chifukwa ndinkaona ngati Ambuye andipatsa njira yochenjezera ena popanda kuvulaza mnzanga. Ndinang'amba pepala m'kope la mwana wanga wamkulu, ndipo ndinalemba masiku atatu, kufufuta ndi kulembanso, kuti pasapezeke liwu lililonse lomuloza.

Tsikulo kunabwera anthu ambiri, makamaka amayi. Mnansi wanga anakhala kutsogolo pa mphasa, akundimwetulira kuti ndilimbe mtima. Adokotala atatha zawo ndinaimirira ndipo ndinawerenga zimene zili papepalali:

“Amayi ndi abambo, ndine mnzanu, si ndine wachipatala. Tonse timagawana mchere ndi moto, ndipo n'zabwino. Koma piritsi si mchere. Choyamba, kuchipatala amayeza mankhwala poona msinkhu wa munthu. Mlingo wa munthu wamkulu ungathe kupha mwana. Chachiwiri, kutentha thupi si nthenda imodzi. Wina ndi malungo, wina ndi chibayo, wina ndi chikuku, ndipo piritsi la nthenda ina silichiza inzake, limangotichedwetsa kupita kuchipatala. Chachitatu, mapiritsi akatsala ndiye kuti mwini wake sanamalize, ndipo nthenda ikhoza kumubwerera. Chachinayi, oyera onse amafanana. Akakhala m'chitini timaiwala kuti ili linali la chiyani, ndipo chinyezi chimawaononga. Tiyeni timalize zimene atipatsa. Zikatsala tibweze kuchipatala. Mnzathu akadwala timuthandize kunyamula wodwalayo, tisamupatse mapiritsi athu. Mulungu atithandize.”

Ndinapinda pepala ndikuganiza kuti ndapulumuka. Koma kumbuyo kunayamba manong'onong'o ndi kuseka. Mayi wina wachikulire ananena mokweza kuti adokotala awa akudziwa kodi mmene mtsinje umakhalira m'dzinja, kapena adzatibwereka njinga yawoyo kuti iuluke. Wina anati ndiye kuti tsopano umbombo walowa m'tchalitchi. Wina anandiseka kuti sitandade folo yandikwera kumutu. Za mtsinjezo zinali zoona.

Apo mnansi wanga anaimirira. Sanali munthu wolankhula pagulu. Anaimirira kuti anditchinjirize.

“Musawaseke akulu angawa. Zimene awerengazi angowatuma, koma mtima wawo ndikuudziwa ine. Mwana wanga atadwala, ndani wa inu anabwera ndi piritsi? Ndi awa. Anandipatsa atatu athunthu, osaumira. Akanamvera zapapepalazi, mwana wanga akanapita ngati nkhuku, osalawa kanthu.”

Amayi ambiri anavomereza ndi mitu. Ndinaona mayi wina wakhanda kumbuyo akubwereza chapansipansi kuti atatu, ngati akusunga m'mutu. Adokotala anayang'ana pansi. Anali atandilonjeza kuti sadzaulula, ndipo anasunga lonjezo. Zinatsalira ine. Ndikanakhala chete, anthu onsewo akanabwerera kwawo ataphunzira kuti mwana wotentha thupi amamupatsa atatu, ndipo akanaphunzira pabwalo lomwelo limene ndinaitanidwa kudzawaletsa.

“Mng'ono wanga, khalani pansi,” ndinatero. “Mapiritsi aja anali a munthu wamkulu. Ndinafunsa kuchipatala. Akuti atatu kwa mwana wotero amaimitsa mtima. Mwina malungo akanamutenga ndithu, sitidziwa. Koma ndine ndinawerenga atatuwo, ndipo ndinalakwa.”

Sanalire. Anayang'ana manja ake.

“Ndiye ndine ndinamumwetsa,” anatero. “Ankakana. Ndinamutsina mphuno.”

Ndinamuuza kuti mlandu ndi wanga, si wake, koma sanamve. Anakunga chitenje chake nachoka pabwalopo yekha, ndipo palibe amene anamutsatira msanga. Adokotala anayesa kufotokozanso za milingo, koma anthu anali atayamba kale kunyamula mphasa.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya. Sanasiye. Chimene anatolapo n'chakuti dzanja langa ndi loipa. Ena anati mapiritsi analibe vuto, koma wowapereka ndiye anali ndi kanthu mumtima, apo ayi mankhwala omwe anachiza bambo akanapha bwanji mwana. Amayi anasiya kutuma ana awo kudzapala moto kwathu. Ku mapemphero a Lachisanu ankandipatsa moni, koma mbale yanga ya chakudya inkabwerera yodzaza. Mapiritsi ankayendabe nyumba ndi nyumba, atakulungidwa m'nsonga ya chitenje, kungoti ankalambalala khomo langa. Ndinamva kuti tsopano kwa mwana ankapereka awiri, poti atatu ndiwo anapha. Ndinapita kwa amayi angapo kukawauza kuti ngakhale awiriwo ndi ochuluka, koma ankandiyankha mwaulemu ali pakhomo, osandiyalira mphasa.

Mnansi wanga sananditukwane, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Ndinapita kwa iye kangapo. Ankandipatsa mpando, n'kupitiriza ntchito zake mpaka ndinyamuke. Mvula isanagwe alongo ake anabwera kudzamutenga. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapeza pakhonde panga sefa yanga ndi kambale kamene anabwereka kalekale, zotsukidwa bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti ukwati unatha, ndipo sindikudziwa ngati anaberekanso.

Ndakalamba tsopano, ndipo Mulungu wandichitira zabwino zambiri zimene sindinayenere. Ana anga anakula. Chipatala chinafika pafupi, mtsinje uja anaumangira mlatho. Komabe mlungu wathawu mdzukulu wanga wamkazi, amenenso ndi mayi, anabwera ndi kabotolo ka mapiritsi amene mnzake wa kumsika ku Katete anamugawira, akuti a chifuwa cha mwana. Ndinatulutsa pepala lija m'buku la nyimbo n'kumuwerengera lonse. Anamvetsera mwaulemu, anati agogo munkalemba bwino, ndipo kabotolo anakabweza m'chikwama.

Dzina la mnansi wanga ndimalitchula m'pemphero m'mawa uliwonse. Sindipempha kuti andikhululukire. Ndimapempha kuti, ngati ali moyo, Ambuye amuiwalitse za mphuno ija.