Nyimbo ya Kuchigayo

Nyimbo ya ukwati wa mwana wanga wamkazi inandibwerera ndili pamzere kuchigayo ku Kabudula. Ndinaiyimbira mufoni pomwepo, chigayo chikulira, ufa uli m'nsidze. Akulu a kwaya yathu ataimva anandibwezera foni. Akuti kwaya siphunzira phokoso: ndibweretse demo, ndiye kuti nyimbo yojambulidwa bwino, yokhala ndi makodi a kiyibodi, vesi ndi kolasi pofika Loweruka, apo ayi mwana wanga alowa m'tchalitchi ndi nyimbo yomwe analowera aliyense.

Ndinapita kwa bambo wina wa situdiyo ku Nsaru, kuseri kwa malo ometera. Anamvetsera katatu, nkhope ngati walawa mandimu. Anasakasaka kiyi pakiyibodi, naipeza, kenako n'kuyala makodi ake atatu aja amene amaika m'nyimbo ya aliyense, kumawasintha pamzere uliwonse.

"Yambani, mayi."

Ndinayamba, n'kusochera. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachisanu ndinali nditapsa mtima.

"Bambo, kodi mukundiperekeza kapena mukundithamangitsa?"

"Makodi ndi olondola, mayi. Inuyo ndi amene mukuthawa."

Ine kuthawa m'nyimbo yanga yomwe! Ndinanyamula chikwama. Iye anaseweranso ya mufoni ija mokweza, ndikuganiza kuti pofuna kundichititsa manyazi, koma kenako anatchera khutu. Anadina kabatani kamodzi kakumunsi pakiyibodi, osakasiya, ndipo kanalira ndendende ngati chigayo. Vesi yonse ndinali nditaitsamiritsa pa liwu limodzi limenelo. Anasiya besi pomwepo osasuntha, makodi n'kuyamba kuyenda pakolasi pokha. Ndinaimba osaphonya. Kupepesa sanapepese.

Kenako inabuka ina. Ndinali ndi mavesi asanu ndi limodzi, iye akufuna awiri. Akuti poyambira pa kiyibodi, vesi, kolasi, vesi, kolasi, basi. Tinakangana mpaka wometa anasuzumira. Ndinatsala ndi atatu. Yachitatuyo inali ya malemu bambo ake a mwanayo, ndipo ndinaichotsa ndekha, poti paukwati salirapo.

"Imeneyo ayi, musaichotse," anatero. Anaidula n'kutsala mizere iwiri, naiika kolasi yomaliza isanafike, ng'oma zitazima, pa kodi ina yachisoni imene sinamveke kwina konse. Akuti imeneyo ndi biriji. Ndinamuuza kuti akulowerera za m'banja mwa eni. Anangoitumiza pafoni yanga ili choncho, ndipo ndinakwera minibasi ndikung'ung'udza.

Kwaya inailandira, n'kunena kuti mizere iwiriyo ndidzaimbe ndekha. Tsikulo ng'oma zinazima pamalo pake, mwana wanga ali pakati pa tchalitchi, atagwiridwa mkono ndi amalume ake. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Wa kiyibodi wa kwaya anazungulira kodi ija kawiri kundidikira. Kachitatu, amene anaimba mizereyo anali mwana wanga.