Mapanelo oyang'ana kuphiri

Ndili Fomu 3, pa tchuthi cha Pasaka, aphunzitsi athu a Chingerezi anandiitanitsa kusukulu. Bungwe lina linali litabweretsa zipangizo za sola zoti ziikidwe m'sukulu za m'chigwa chathu cha Phalombe, ndipo linkafuna kuphunzitsa amisiri akonkuno kuti aziika okha. Vuto linali kabuku ka malangizo. Kanali ka Chingerezi, pomwe amisiri ambiri sukulu analekezera ku pulayimale. Aphunzitsi anati ine ndikamasulire.

"Womasulira saonjezera, sachotsera," anandiuza. "Zimene buku lanena, iwenso unene zomwezo."

Tsiku limenelo ndinalemba m'kope langa la zochitika kuti, "Lero ndayamba ntchito ya anthu ophunzira."

Mmodzi mwa amisiriwo anali a malume anga, achimwene a mayi. Amakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la golosale, ndipo panyumba pawo pali panelo imene anaika okha kalekale. Bungwe linali litalonjeza kuti womaliza maphunziro adzalandira satifiketi ndi ntchito yoika sola m'sukulu zonse. A malume sanagwirepo pepala lokhala ndi dzina lawo kupatula chitupa cha ubatizo. Satifiketi imeneyi ankaifuna kwambiri.

Ndinamasulira kwa sabata yathunthu. Masana alionse a malume ankabwera kudzamva zomwe ndalemba. Ndinawawerengera kuti batire iyambe kulumikizidwa ku kontirola, kabokosi koyang'anira moto wolowa ndi wotuluka, kenako panelo. Anagwedeza mutu movomereza. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pa waya wofiira. Batire ikhale podutsa mphepo. Panelo isakhale pamthunzi, ndipo ipendekeke kuti mvula izitsuka fumbi.

"Mzungu ameneyu ntchito amaidziwa," anatero akuseka. "Pitiriza, a hedimasitala."

Ndinapitiriza: "Panelo iyang'ane kum'mwera."

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Kum'mwera n'kuphiri kuja," anatero, akuloza Mulanje. "Ayi, mphwanga. Iyang'ane kumpoto, kunyanja ya Chilwa. Taona mthunzi wa nyumbayi. Kuyambira pano mpaka chilimwe, masana umagwera kuphiri, chifukwa dzuwa limadzera mbali ya kunyanja. Ukaiyang'anitsa kuphiri, m'nyengo yozizira dzuwa lizingoipsepsa."

"Koma buku lanena chonchi, a malume."

"Bukulo linakhalapo pakhomo pano mu Juni?"

Anatenga pensulo yanga, nafufuta mawuwo, n'kulemba pamwamba pake ndi zilembo zawo zikuluzikulu: KUMPOTO. Atapita ndinayang'ana mthunziwo. Unalidi kumene ananena. Koma pepalalo linali litada, ndipo ndinakumbukira mawu a aphunzitsi. Ndinakopera patsamba loyera, n'kubwezera kum'mwera. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinkaopa kuti akanena kuti Chingerezi chandikanika.

Maphunziro anachitikira pasukulu yathu yomwe. Anawatsogolera bambo wina wa kubungweko, wochokera ku Blantyre, yemwe aliyense ankangomutchula kuti bwana. Tsiku loika mapanelo padenga la kalasi ya Fomu 4, ine ndinaima pansi ndi mapepala anga kuti ndiziwerenga mokweza. Dengalo lili ndi mbali ziwiri, ina yotsetserekera kuphiri, ina kunyanja. A malume anakwera n'kuyamba kuyeza mbali ya kunyanja.

"Madala, mbali iyo ayi," anatero bwana.

"Bwana, dzuwa lili kuno."

"Dzuwa lili paliponse, kuno ndi ku Malawi. Tikachita zosemphana ndi buku, katunduyu akawonongeka opanga ake sadzatisinthira."

"Ndiye tsiku limenelo mudzawotche bukulo kuti ana aziwerengera."

Amisiri anzawo anaseka. Bwana sanaseke. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe mtsikana, ndiwe wamasulira. Auze agogo akowa, buku likuti chiyani?"

A malume anandiyang'ana ali padenga pomwepo, tepi ili m'manja. Ndikanatha kunena kuti buku likuti kum'mwera koma mthunzi ndauona ndekha. Aphunzitsi anga anali pambali panga. Ndinakweza pepala.

"Likuti kum'mwera, bwana."

"Mwamva? Mwana wa Fomu 3. Kukonza wailesi si uinjiniya, madala."

A malume anatsika pang'onopang'ono. Ananena kanthu m'Chilomwe, kamene amisiri akonkuno anamva n'kuzolika, kenako anati m'Chichewa, "Ine dzanja langa siliika chinthu chimene ndikudziwa kuti chifa." Anapereka tepi kwa mnzawo napita. Madzulo a tsiku lomwelo dzina lawo linachotsedwa pamndandanda. Bwana anati ndi munthu wosamva malangizo.

Masabata oyamba magetsi ankayaka bwino, ndipo ndinalemba m'kope kuti mwina a malume analakwitsa. Ndinasangalala polemba zimenezo, ndisaname.

Kenako Juni anafika ndi chiperoni chake, mitambo ndi kamvula kowaza masiku atatu, anayi. Tsiku loti kwacha bwino, batire inkayenera kudzaza, koma dzuwa linkadutsa chakumpoto, mapanelo atalifulatira. Tikangoyamba kuwerenga chakumadzulo, kanyali ka pa kontirola kankafiira ndipo magetsi ankazima. A Fomu 4 anali pafupi kulemba mayeso. Ena anabwerera ku matochi. Pofika Ogasiti batire inali itafooka, chifukwa batire ya mtundu umenewo ikakhalitsa yosadzaza siibwereranso mwakale. M'sukulu zina zinalinso chimodzimodzi.

Ndinapita kwa aphunzitsi a jogalafe ndi kabuku kaja. Anayang'ana kuchikuto, naona dziko limene kanasindikizidwa, natenga mpira wosonyeza dziko lapansi. Anandionetsa kuti anthu amenewo ali kumtunda kwa mzere wapakati pa dziko, ndipo kwa iwo dzuwa limadzera kum'mwera. Ife tili kumunsi. Kabukuko sikananame. Kanangolembedwera anthu ena.

"Zimenezi tinaphunzira Fomu 2," anatero. Zoona, ndipo mayeso ake ndinakhoza.

Bungwe linatumiza mayi wina, injiniya. Anangoyang'ana padenga n'kugwira pakamwa. Mapanelo onse anatembenuzidwa. Anandiitananso kuti ndikonze mzere umodzi uja, mapepala asindikizidwenso. Bwana uja analipo. Anauza mayiwo kuti vuto linali la kamasuliridwe, koma mwanayu ndi wanzeru, aphunzirapo. Nthawi imeneyi ndinalankhula. Ndinati ndinamasulira zomwe zinalembedwa, ndipo panali mmisiri amene ananena zoona padenga lomweli, n'kuchotsedwa.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayiwo.

"Anasiya yekha," anatero bwana. "Komanso masatifiketi tinasindikiza kale."

Mayiwo analemba kanthu m'kabuku kawo, nati aona. Papita chaka tsopano, osamva kanthu.

Amisiri amene analandira masatifiketi akayenda m'sukulu n'kupeza vuto lowakanika, amadzera pakhonde la golosale kukafunsa a malume. Iwo amawayankha, osakweza mutu pa wailesi yomwe akukonza. Ine sanandikalipirepo. Mayi anga atandiuza kuti ndikapepese ndinapita, ndinagwada, a malume anangoti, "Unawerenga bwino, mphwanga. Ndiwe wasukulu." Kukanakhala bwino akanandimenya.

Ndikufunabe kudzaphunzira zamagetsi ndikakhoza mayeso. Ndalembera bungwe lija makalata awiri, m'Chingerezi chabwino, opempha kuti a malume ayesedwe payekha. Yoyamba sanayankhe. Yachiwiri anayankha kuti ntchito ya m'boma lino inatha, ndipo akundithokoza chifukwa cha thandizo langa.