Mbande Zosadikira Pampu

Chaka chimene tinkatsegula sikimu ya mpunga kumunsi kwa Chikwawa, ine ndinali kapitawo. Achemwali anga, mayi wamasiye wa ana anayi, anapatsidwa chigawo cha kumchira kwenikweni, kumene madzi amafika pomalizira. Mpunga ukawokedwa mochedwa umatulutsa ngala m'nyengo yozizira n'kubala mankhusu okhaokha. Ndinkaopa kuti achemwaliwo, poti ndi owoka pomalizira, ndiwo agone ndi njala.

Ndiye pampu yokoka madzi mu Shire inathyoka chitsulo poiyesa. Anapita nayo ku Blantyre, uthenga n'kubwera wakuti tiyembekeze milungu ingapo. Anthu sanakhale pansi ayi. Ena ankalambula msewu, ena ankapaka laimu miyala kukonzekera alendo a tsiku lotsegulira. Thukuta mbwee, koma mpunga osayandikira n'pang'ono pomwe. Zinandinyansa.

Ndinakoka alangizi a zaulimi, tinakhala pamthunzi n'kumatchula ntchito imodziimodzi. Iliyonse tinkaifunsa kuti ikudikira iti, ikuidikira ndi iti, ndipo itenga nthawi yanji. Msewu ndi miyala sizinkadikiridwa ndi kanthu. Geti la simenti la pangalande linkafunika madzi asanalowe, komabe linali ndi mpata, poti likanauma pampu isanabwere. Mzere wautali wa ntchito zodikirana unali uwu: pampu, madzi mu ngalande, kufesa nazale, mbande kukula pafupifupi mwezi, kenaka kuwoka. Pamenepa panalibe mpata. Tsiku lochedwa pampu linali tsiku lochedwa kuwoka.

Alangizi anakanda mutu nati, "Kodi nazaleyi ikudikira pampu kapena madzi?"

Tinaseka ngati opusa. Nazale ndi kamalo kochepa, ndowa zikwanira. Mbande zikanakula pampu ili ku Blantyre konko.

M'mawa ndinachotsa anthu onse kumiyala, tinafesa nazale pafupi ndi Shire. Amisiri a geti okha sindinawakhudze, chifukwa mpata wawo ukanatha ndiwo akanatichedwetsa. Achemwali ankatsogolera amayi otunga, akundinyoza m'Chisena kuti ukapitawo wanga wathera pa ndowa.

Atcheyamani a chipani a m'deralo anabwera n'kupeza miyala theka yoyera, theka yakuda. Ndinawafotokozera mwaulemu, chipewa m'manja, kuti miyala siichedwetsa madzi. Anatembenuka n'kumapita. Masiku amenewo munthu sunkayankha kawiri.

Pampu inachedwa kuposa mmene anatiuzira. Itafika, geti linali louma, mbande zili zoti n'kuzula. Madzi anatsika ngalande yonse, achemwali anawoka m'sabata yomweyo.

Alendo anabwera, anaona miyala yawo, ndipo mwezi usanathe ndinauzidwa kuti ndikagwire ntchito ku Marka, kumalire kwenikweni. Zinandiwawa, sindinama, poti kumeneko ndinalibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Itakwana nthawi yokolola, munthu wina wamalonda anandipeza ndi kathumba ka mpunga wopuntha kale. Anati achemwali akuti ndiphike wonse, ndisaumire, kunyumba ana akudya kawiri.