Kadelino ya mng'ono wanga ndi zimene sitinkatchula

Titathawa ku Chidzolomondo tinakhala ku Tsangano, pafupi ndi malire, ine, khanda langa ndi mng'ono wanga wamkazi. Iye ankawoloka m'mawa uliwonse kupita kusukulu ya ku Malawi, kumene amaphunzira m'Chingerezi. Ine ndinalekezera kalasi yachinayi, ya Chipwitikizi, choncho ndinkangomuperekeza ndi maso mpaka atabisika m'minda ya mbatatesi. Atsikana a msinkhu wake ankagwidwa m'njira masiku amenewo.

Kunapezeka malo ochepa a ana othawa nkhondo kusukulu ina yogonera komweko ya ku Malawi, kutali ndi malire. Wowafuna ankayenera kulemba chimangirizo chofotokoza chifukwa chake zokolola zinatsika kwawo. Ndinkafuna apite, azikagona kumene kuli mpanda ndi belu.

Aphunzitsi ake, mayi wachikulire, anandipeza pamsika ndikugulitsa nyemba. Anali ndi kadelino ya mng'ono wanga m'manja, kope limene analembamo chimangirizocho, iye ali pambuyo pawo, maso pansi.

"Amake mwana, mng'ono wanuyu ndi wanzeru," anatero. "Koma wangonyamula Chichewa n'kuchiveka mawu a Chingerezi, limodzilimodzi. Walemba kuti kunja sikunache bwino, alendo anakuyenderani, minda inagona. Ine ndamva. Koma okawerengawo ena sadziwa Chichewa. Adzayesa kunali mitambo, ndipo kunabwera achibale."

"Ndi mmene timanenera, mayi," ndinayankha, ndikuyang'ana uku ndi uku.

"Ndikudziwa. Koma papepala azinena ndani anachita chiyani, liti, ndipo chinatsatira n'chiyani. Ayambe wafotokoza pakamwa, kenako atseke Chichewacho, alembe ganizolo m'ziganizo zazifupi."

Amene ndinamuphunzitsa kuzungulira chonchi ndinali ine. Chichokereni kwathu ndinkamutsina akangotchula mfuti.

Masana ake tinakhala kuseri kwa nyumba, khanda lili kubere. Mng'ono wangayo anafunsa ngati aphunzitsi.

"Achemwali, anabwera ndani?"

"Alendo aja."

"Alendo ake ati? Anabwera ndi nkhuku?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinasuzumira kunjira, kunalibe munthu.

"Amuna a mfuti."

"Anachita chiyani?"

"Anatenga ng'ombe zonse. Anawotcha nkhokwe, mbewu yodzala ili momwemo."

"Ndiye?"

"Ndiye tinalibe cholimira, tinalibe chodzala. Anthu ankagona kuphiri, kumunda osafikako nthawi yopalira."

Sanalembe ndikuyankhula. Anadikira, kenako n'kulemba mizere itatu. Anandiwerengera, n'kundimasulira. Inali youma ngati chitsa, koma zonse zinalimo, palibe akanasochera.

"Nanga bambo? Poyamba ndinalemba kuti anatisiya. Aphunzitsi anafunsa kuti anapita kuti."

Khanda linali litasiya bere, mkaka ukudontha pansalu.

"Lemba kuti anaphedwa akuteteza ng'ombe."

Kanali koyamba kutulutsa mawuwo pakamwa panga.

Mayankho atabwera anali atasankhidwa. Ndinamusenzera chikwama mpaka pamalire, ndipo sindinachoke mpaka basi itanyamuka.