Umboni Ndinausuta Ndekha

Ndinagwira ukapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo mpaka mawondo atakana. Mwezi uliwonse kapepala ka malipiro kankasonyeza kuti andidula ndalama ya penshoni. Kapepalako kanali kopyapyala bwino, ndiye ndinkapichirapo fodya wa chingambwe, monga ankachitira anzanga onse.

Nditapuma ntchito ndinapita ku Blantyre, ku kampani ya inshuwalansi yomwe inkasunga penshoni yathu. Mayi wa pakauntala anati dzina langa lilipo ndithu, koma esiteti inasiya kalekale kutumiza ndalama zomwe inkatidula.

Ku ofesi ya zantchito pa boma anati aitana abwana a esitetiyo, ndipo zikakanika nkhani ipita kukhoti la zantchito. "Koma bambo, mubweretse mapepala a malipiro. Umboni wanu ndi umenewo."

Kunyumba ndinapeza atatu okha. Ndinabwerera ku esiteti kukapempha ena kwa akalaliki aakulu, munthu amene ndinkamugawira fodya pakhonde la ofesi zaka zonsezo.

Anaseka osadzutsa mutu. "Mafailo akale anadyedwa ndi chiswe, akapitawo. Nanga anuwo simunasute nokha? Ena ndinkakuyatsirani ndine."