Makope atatu pamphasa

Mwana wanga wachisamba anabwera kuno ku Benga nyengo ya mwera, nkhope ili yakugwa. Anali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo phunziro la amayi oyembekezera linali litamugwetsa. Anamupatsa mwayi umodzi wolembanso. Akanalepheranso, akanabwereza chaka chonse anzake n'kumusiya.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndiye chimene ndikanatha n'kumupempherera ndi kumuchotsera ntchito zapakhomo. M'mawa uliwonse ankayala mphasa pakhonde, makope atatu otsegula, lililonse atalitsindira ndi mwala chifukwa cha mphepo. Ine ndinkakhala chapafupi n'kumayanika chinangwa.

Tsiku lina ndinaona wangogwira tsaya. Anandifotokozera kuti mutu wa malungo kwa amayi apakati anawaphunzitsa anthu atatu. Bambo wina wachikulire anati mayi amwe mankhwala oteteza aja, amene ife timati Fansida, kawiri mimba yonse. Mayi wina wachitsikana anati katatu kapena kuposa, mwezi ndi mwezi, miyezi itatu yoyamba ikangotha. Wachitatu, wowaphunzitsa kuwodi, ankalankhula mothamanga, moti kope lake linali mipata yokhayokha. Pamayeso oyamba aja mwanayo anasakaniza zonse, poyamba kawiri, kumunsi katatu, wochonga n'kungodula mzere.

Apa ndinaona ngati ndapeza pothandiza.

"Lemba za abambo achikulirewo," ndinatero. "Ine ndili ndi pakati pa iwe ndinamwa kawiri kusikelo. Taona mmene unabadwira, chimutu chonsecho."

Anaseka. "Amayi, mutuwu ndi wa kwa bambo anga, musanamizire mankhwala."

Koma ndinalimbikira ndithu, poti kwathu kuno mawu a wamkulu sitiwalumpha. Iyeyo sanandiyankhe mwano. Anangoti mayeso safunsa zaka za mphunzitsi, n'kutenga kope latsopano.

Mmene anachitira ndinaona ndi maso angawa. Anayamba walemba mafunso okhaokha, lililonse patsamba lake: mayi ayambe liti, amwe kangati, ndani sayenera kumwa. Kenako ankawerenga makope atatu aja funso limodzilimodzi. Pamene onse agwirizana ankalemba kamodzi ndi cholembera chabuluu. Pamene asemphana ankalemba zonse ziwiri ndi chofiira, n'kuika pambali chilembo choyamba cha dzina la amene ananena. Pamene panalibe wonenapo ankasiya mpata, osadzazamo zam'mutu mwake. Pofika Lachinayi zofiira zinatsala zochepa, ndipo tsamba la osayenera kumwa linali ndi mawu amodzi okha ochokera kuwodi kuja, "Bakitirimu", opanda chiganizo.

Kuseri kwathu kumakhala anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, mayi wa Chisilamu amene timabwerekana lichero. Ndinamuuza mwanayo kuti apite, iye n'kumachita manyazi kuti akaoneka wolephera. Ndinamutengera kumeneko ndekha, makope ali m'jumbo.

Anamwinowo sanafune kuyankha pamtima. Anati tibwere mawa lake kuchipatala, ndipo kumeneko anatulutsa buku la malangizo limene akugwiritsa ntchito masiku ano, n'kumuuza mwanayo kuti ayambe waona chaka cholembedwa pachikuto, ayerekeze ndi chaka cha pamapepala amene abambo achikulire aja anawapatsa m'kalasi. Mapepala awo anali akale. Sananame ayi, ndi zimene zinkachitika nthawi imene ine ndinkapita kusikelo, koma malangizo anasintha. Za Bakitirimu zija zinapezekanso momwemo: mayi amene akumwa kale mankhwala amenewo tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansida.

"Ndiye amayi ako anakhoza mayeso a chaka chimene unabadwa," anatero anamwinowo.

Ndinaseka mpaka kugwira chitseko.

Pobwerera mwanayo anandifunsa chimene chinkamuvuta kwenikweni: nanga wochonga akadzakhala abambo omwe aja? Ndinangoti alembe zoona mwaulemu. M'kope latsopano lija analemba malangizo a lero pamwamba, ndi dzina la buku ndi tsamba lake, ndipo pansi pake kamzere kakuti kale ankapereka kawiri. Sanafute dzina la mphunzitsi aliyense. Lamulungu ndinapempha amayi anzanga akutchalitchi kuti timuike m'manja mwa Ambuye, Lolemba n'kumukweza minibasi.

Funsolo linabweradi, ndipo anayankha monga analembera. Foni yake inandipeza ndili kudimba la mpunga. Anangoti, "Amayi, chaka chachitatu." Ndinagwada pamzere pomwepo, matope ali m'maondo, n'kuyamika Mulungu.

Kope latsopano lija akuti linazungulira anzake mpaka chikuto chinathothoka. Ine phindu langa ndi lakuti mkamwana wanga atakhala ndi pakati, nditamva kuti wamwa kachitatu, sindinakayambitse mlandu kusikelo.