Mbale inabwerera yopanda kanthu

Chaka chomwe ndinakwanitsa zaka makumi anayi ndinatopa ndi choko. Ana sanandilakwire ayi. Ana a Sitandade 6 ndi omwewo chaka ndi chaka, amangosintha nkhope. Koma m'mawa wina pasukulu yathu, kufupi ndi Ludzi, ndinadzipeza ndikulemba pabolodi samu yomwe ndinali nditailembapo kambirimbiri, ndipo mtima unangoti zii. Ndinadzifunsa ngati ndidzaimadi pamenepo zaka zina makumi awiri kudikira tsiku lopuma ntchito.

Chomwe ndinkafuna ndinkachidziwa. Kwa zaka zambiri ndinkapita ku Boma kukalondola fayilo yanga ya kukwezedwa pantchito, n'kumakhala pabenchi limodzi ndi aphunzitsi anzanga, tonse manja m'masaya. Ndinkayang'ana anthu a mu ofesi yoona za ogwira ntchito, omwe aliyense amangowatchula kuti a HR, ndipo ndinkati mumtima: ine nditakhala tsidya ilo la tebulo, munthu sangatuluke osadziwa pomwe nkhani yake yafika. Choncho ndinalembetsa dipuloma ya ntchitoyo ku Lilongwe, maphunziro a Loweruka ndi Lamlungu.

Aphunzitsi anzanga musitafu anandiseka mpaka misozi. Ahedi anati, "Madamu, pamsinkhu wanuwo mukufuna mukayambenso Sitandade 1?" Achimwene anga anati ntchito ya boma sasewera nayo, ndipirire ndidzadye penshoni. Ana anga awiri anali kusukulu zogonera konko, bambo awo tinasiyana kalekale, ndiye nkhaniyi ndinkaikambirana ndi makoma.

Munthu mmodzi yekha sanaseke: aneba anga, mphunzitsi wa Sitandade 4. Nyumba zathu za aphunzitsi zinkayang'anizana, pakati pali mtengo wa mango ndi chingwe choyanikapo zovala chomwe tinkagwiritsa ntchito tonse. Lachisanu masana ankandigwirira kalasi kuti ndithamangire minibasi. Lamlungu madzulo ndikafika, fumbi mpaka m'nsidze, ndinkapeza mbale pakhonde atavundikira ndi inzake. Inali mbale yawo yachitsulo ya maluwa ofiira. Mkati mwina chigwada chotendera, mwina mbatata yophika. Kwathu mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ndiye Lolemba ine ndinkaikamo mtedza wokazinga kapena tomato. Mbale imeneyo inayenda pakati pa makomo awiriwo mpaka tinaiwala mwini wake weniweni.

"Asisi, mukakhala bwana musadzatiiwale," ankandiseka. "Fayilo yanga muzidzaiika pamwamba."

Dipuloma itayandikira kumapeto ndinagundana ndi khoma. Ntchito iliyonse yomwe ndinkaiona m'nyuzi inkafuna munthu woti anagwirapo kale ntchitoyo. Kusunga ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi sankakuwerengera. Mphunzitsi wathu wina ku Lilongwe anandilangiza kuti ndisathamangire kusiya uphunzitsi, ndipeze kaye malo oti ndikaphunzire ntchito pa holide, ngakhale mosalipidwa. Aneba anga omwewo ndi amene anandipezera khomo. Amuna awo, omwe ndinkawaitana kuti alamu, anali kalaliki wa sikelo pakampani ina yogula mtedza ndi soya pa Boma, ndipo anandilankhulira kwa mayi woyang'anira ogwira ntchito kumeneko.

Mayiwo anali wamng'ono kwa ine, koma ndinkawapatsa ulemu wawo. Tsiku loyamba anandisayinitsa kuti chilichonse chomwe ndidzamve kapena kuona mu ofesimo chidzathera momwemo. Ndinasayina ndikumwetulira, poganiza kuti ndi mwambo chabe. Anandiphunzitsa kusanja mafayilo, kuwerengera masiku a tchuthi a munthu aliyense, kulemba kalata yoitanira wantchito kuti adzamveredwe mbali yake asanapatsidwe chilango. Ndinaikonda ntchitoyo, sindinama. Chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Nthawi ya nkhomaliro ena onse ankakhala pansi pa mtengo panja, kuseka ndi madalaivala opita ku Zambia, koma mayiwo ankatseka chitseko n'kudya okha. Ine wozolowera phokoso la musitafu ndinkati n'kunyada.

Sabata yachiwiri anandilowetsa mumsonkhano wa mabwana kuti ndizilemba zokambirana. M'menemo ndinamva kuti malonda sanayende bwino, nyumba imodzi yosungiramo katundu itsekedwa, ndipo ntchito zina zitha. Mwa ntchito zomwe anatchula munali ya kalaliki wa sikelo. Cholembera chinaima m'dzanja langa. Anagwirizana kuti adziwitse kaye a ku ofesi ya zantchito, kenako aitane ogwira ntchito onse pamodzi awafotokozere, ndipo pambuyo pake okhudzidwa apatsidwe notisi ndi zonse zowayenera. Kufikira tsikulo, pakamwa potseka.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapeza aneba akuanula zovala. Anandiitana ndi dzanja.

"Asisi, bwerani mundithandize nzeru. Alamu anu awaitana kuboda, kwa anthu aja othandiza kuolotsa katundu. Ati ayambe mwezi wamawa. Koma malipiro ake ndi ocheperako, komanso ntchito za kubodazi, lero ilipo mawa palibe. Inu poti muli mkatimo, kukampaniko zili bwino eti?"

Ndinayang'ana mapegi omwe anali m'manja mwawo. Ndinati mutu ukundiwawa, tikambe mawa.

M'mawa ndinalawirira ku ofesi. Ndinawauza mayi aja zonse, osabisa, ndipo ndinapempha kuti andilole ndingowatsina khutu alamu pang'ono chabe.

Mayiwo anandiyankha. "Aphunzitsi, ndikumva. Koma mukauza mmodzi, pofika mawa nyumba yonse ya katundu idziwa, aliyense ndi nkhani yakeyake. Ena amva kuti achotsedwa pomwe sakuchotsedwa. Komanso anzawo omwe alibe mlamu mu ofesi muno, awatsina khutu ndani? Chomwe mungachite ndi ichi: auzeni abwere adzandione asanayankhe kubodako. Ndipempha abwana andilole ndiwauze poyera kuti asakane ntchito ina chifukwa cha ife. Zichoke pakamwa pa ofesi, osati pachingwe choyanikira zovala."

Ndinabwerera ndi mawu amenewo. Ndinawapeza aneba akusenda mtedza pakhonde, ndipo ndinalankhula pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa mwana wovutika kumva.

"Alamu asanakane kuboda kuja, apite kaye akaonane ndi a HR. Ndikukupemphani."

Anaseka mpaka kugwetsa lichero. "Aaa, asisi, masabata awiri okha mwayamba kale zoti tizipanga apoyintimenti? Ku ofesi ija munthu amapita akaitanidwa pamlandu. Alamu anu akaonekera pakhomo paja, anzawo aziti aba chiyani?"

Ndinabwereza. Ndinabwerezanso mawa lake, kwa alamu eniake, pa siteji ya minibasi. Anangoti, "Chabwino alamu, tiona," uku akuyang'ana kwina. Iwo ankaganiza kuti pakanakhala choopsa ndikanangonena, chifukwa ndi mmene anthu okhala moyandikana timachitira. Mnzako akapsa ndevu umamzimira, sumutumiza ku ofesi. Mayi aja, ataloledwa ndi abwana, anawaitana okha Lachinayi. Koma alamu anali atakana kale kuboda dzulo lake, ndipo malo aja anali atapatsidwa munthu wina.

Tsiku la msonkhano wa ogwira ntchito onse, ine ndinakhala kutsogolo pambali pa mabwana, kope pamwendo. Alamu anali kumbuyo, ataimirira pafupi ndi matumba a soya. Mawu atatuluka sanayang'ane abwana. Anayang'ana ine.

Aneba sanabwere kudzanditukwana. Mwina zikanakhala bwino akanatero, chifukwa ine pakamwa ndili napo, tikanakangana n'kuthana nazo. Tinakumana pa mjigo patapita masiku, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu.

"Tsiku lija ndinkakufunsani pachingwe paja, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye mutu uja unapola?"

Anasenza ndowa yawo n'kumapita. Ndinkafuna kuwathamangira, kuwauza kuti ndinayesetsa, kuti ndinanena katatu konse. Koma ndinadziwa kuti kwa iwo zonsezo zinali mawu a mu ofesi. Iwo ankafuna mawu a mnzawo, ndipo amenewo ndinawameza.

Mbale ya maluwa ofiira inali kwanga sabata imeneyo. Ndinakazinga mtedza, ndinathira kamchere monga ankakondera, ndinakaisiya pakhonde pawo. Mawa lake ndinaipeza pakhonde panga, yotsukidwa bwinobwino, yopukutidwa, mkati mopanda kanthu. Inali mbale yawo, koma anandibwezera ine. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo ndipo ndinalira ngati kwagwa maliro.

Sukulu itatsegulidwa, nkhani inali itafika kale musitafu. Palibe amene anandinena pamaso. Ndikangolowa, nkhani inkasintha n'kukhala ya mvula. Wina anayamba kundiitana kuti "a HR", ndipo dzinalo linakhazikika. Lachisanu masana ndinkasiyira ana ntchito pabolodi n'kupempha ahedi kuti azisuzumirako. Mayeso omaliza a dipuloma ndinalemba osauza munthu. Zotsatira zitatuluka ndinakhoza bwino, ndipo ndinayenda kuchoka pamsewu mpaka kunyumba ndikusaka woti ndimuuze. Ndinauza mayi wogulitsa zitumbuwa pachipata, yemwe anati zikomo kwambiri posadziwa choti ayankhe.

Ndinapita kukathokoza mayi aja kukampani. Inali nthawi ya nkhomaliro, chitseko chotseka. Ndinagogoda, anandilowetsa, ndipo anandigawira mpunga wawo pachivundikiro cha kontena. Ndinawafotokozera za mbale. Sanadabwe.

"Poyamba ndinkadya nawo panja paja," anatero. "Koma uli mkati modya wina amakufunsa, mwanthabwala, ngati kontirakiti yake ipitirire. Ukaseka, akuti wavomera. Ukakhala chete, akuti wakana. Ndinangoona kuti bola muno." Anatafuna pang'ono. "Ganizani bwino musanasiye choko. Ntchitoyi ndi ya anthu, koma anthuwo sakhala anzanu."

Ndinaganizadi, miyezi ingapo. Masiku ena ndinkakwiya, n'kumati munthu wamkulu ngati alamu akanangopita ku ofesi kuja. Masiku ena ndinkaona aneba akubwerera kumunda komwe anayamba kulima mowirikiza alamu atakhala pakhomo, ndipo mkwiyo unkandithera. Komabe ndikadzifunsa ngati ndikanatsegula pakamwa tsiku lija, yankho linkabwera lomwelo: ayi. Pamenepo ndinadziwa kuti ntchitoyi ndingaithe, ndipo kudziwa kumeneko sikunandisangalatse ngakhale pang'ono.

Bungwe lina la alimi pa Boma linandiitana ku intavyu ndipo linanditenga ngati wothandizira mu ofesi ya ogwira ntchito. Ndinapereka notisi kusukulu, ndinamaliza teremu, ndinatulutsa katundu m'nyumba ya aphunzitsi. Tsiku losamuka, galimoto itadzaza, mbale ija inatsala yokha pawindo. Sinali yanga. Ndinaikamo tomato yemwe ndinali naye, ndinaoloka pansi pa chingwe chija n'kugogoda.

Anatsegula aneba eniake. Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana galimoto. Analandira ndi manja awiri, analowa m'nyumba, ndipo ine ndinaima pakhomo kudikira ngati mlendo. Ndinamva akukhuthula tomato uja patebulo. Anatuluka ndi mbaleyo n'kundipatsa.

"Tengani, asisi. Kuofesiko muzikadyeramo."